Holo yathu aipatsanso aukwati: kalata yopepesa tiilembe bwanji?

NaJere: Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi nkhani yofuna yankho lero lomwe. Komiti yathu inakonza maphunziro a tsiku limodzi a asungichuma a makopaletivi, Loweruka likubwerali pa 18 Okutobala, muholo ya loji ina kuno ku Lilongwe. Analembetsa ndi anthu 120, aliyense analipira K25,000. Ambiri ndi a ku Mchinji, Dowa, Dedza ndi Salima, ochepa a ku Kasungu. Lero Lolemba m'mawa aloji aimba kuti holo yomweyo, tsiku lomwelo, analonjezanso aukwati. Aukwatiwo anamaliza kale kulipira, ife tinangopereka theka, K200,000. Akuti atipatsa Loweruka la pa 8 Novembala. Ndalemba chonchi, tandikonzereniko:

"Okondedwa nonse, tikukulonjerani m'dzina la komiti. Tikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Monga mukudziwa, komiti yakhala ikugwira ntchito usana ndi usiku pokonzekera maphunziro athu. Koma chifukwa cha zovuta zina zomwe sitikanatha kuzipewa, maphunzirowa aimitsidwa kaye. Tikupepesa ngati izi zakusokonezani. Tsiku lina mudziwitsidwa."

Che Saidi: Mwafewa kwambiri amayi. Alembereni kuti akubwezereni K200,000 yanuyo pasanathe masiku atatu, awonjezerepo ndi chipepeso. Olakwa ndi iwo, inu mukupepesa chiyani?

NaJere: Ayi achimwene, kalatayi si ya kuloji. Ndi yopita kwa anthu athu amene analipira.

Che Saidi: Ooh, ndawerenga mothamanga. Pepani. Komabe ya kulojiyonso musaiiwale.

Bambo Kamanga: Amayi a Jere, kalata imeneyo musatumize kaye. Yerekezani msungichuma wa ku Mchinji akuiwerenga pafoni yaing'ono ali pamzere kuchigayo. Mizere itatu yoyamba ndi malonje ndi kutopa kwa komiti. Akafika pakati foni yalira, walekeza pomwepo, ndipo Loweruka m'bandakucha akwera minibasi. Chiganizo choyamba chikhale chomuletsa kunyamuka, zina zonse zibwere pambuyo.

Mawu akuti "zovuta zina zomwe sitikanatha kuzipewa" ndi oopsa pamene anthu analipira ndalama. Munthu amene sanauzidwe chifukwa amadzipezera yekha chifukwa, ndipo chimene amapeza n'chakuti komiti yadya ndalama. Chifukwa chanu n'chomveka, nenani mmene zilili: holo inapatsidwa kwa magulu awiri tsiku limodzi. Chiganizo chimodzi chakwana.

Kenako pali kamawu kakuti "ngati". Palibe kukayika kuti mwawasokoneza. Wina anapempha tchuthi, wina anakana kupita kuchinkhoswe cha mlamu wake chifukwa cha tsiku limeneli. Mukati "ngati zakusokonezani" zimamveka kuti ovutikawo ndi amene ali ndi vuto. Lembani kuti "takusokonezani, pepani."

Koma chachikulu ndi ichi: pa 8 Novembala pamenepo muli ndi pepala lake, kapena angonena pafoni?

NaJere: Angonena pafoni, bwana wa pamalopo.

Bambo Kamanga: Ndiye tsiku mulibe. Kubukitsa kawiri kumabadwa pamenepo. Malo ambiri amakhala ndi mabuku awiri, lina lili ndi wolandira alendo, lina ndi kadayale ka bwana, kapena lili m'mutu mwake. Wina amalandira dipoziti Lachiwiri n'kulemba m'buku lake, wina amalonjeza aukwati Lachisanu n'kulemba mwake, ndipo mabukuwo amakumana sabata yomaliza pamene okongoletsa holo abwera kudzayeza makoma. Miyezi ino Loweruka lililonse lili ndi ukwati wake. Amene wakulonjezani pa 8 pafoni angakhale sanatsegule n'komwe buku linalo. Kupepesa koyamba anthu amamva. Kachiwiri pa nkhani yomweyo adzangofuna ndalama zawo.

Mutumize zinthu ziwiri, osati chimodzi. Lero, ola lino, meseji yaifupi yoletsa ulendo, yosatchula tsiku latsopano. Mawa m'mawa anthu awiri a komiti apite kulojiko akatenge kalata yokhala ndi chidindo, yotchula tsiku, dzina la holo, nthawi yotsegula ndi yotseka, chiwerengero cha mipando, ndi kuti K200,000 ija yasamutsidwira ku tsiku latsopanolo. Aone ndi maso kuti zalembedwa m'buku la wolandira alendo. Pepala limenelo likakhala m'manja, ndiye mutumize kalata yonse.

Mphatso wa ku Dedza: Ine ndikuona ngati mukuchulukitsa. Mameseji awiri asokoneza anthu. Bwanji osangodikira mawa madzulo n'kutumiza imodzi yathunthu?

Abiti Mdala: Taonani kalendala, Mphatso. Lachitatu ndi pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, maofesi atseka. Amene mumawafikira kudzera kuofesi ya kopaletivi kapena paimelo ya kuntchito, kalata ya Lachiwiri madzulo aiona Lachinayi. Kwatsala Lachisanu lokha, tsiku limene a ku Kasungu amanyamuka kuti akagone kwa abale mutauni. Meseji yoletsa ipite lero. Nayi yokwana bwino:

"Pepani: maphunziro a asungichuma SACHITIKA pa 18 Okutobala, tasintha tsiku. Musanyamuke. Latsopano tikuuzani pofika Lachinayi. Ndalama zanu zilipo. Komiti"

Zilembo zake, kuwerenga ndi mipata yomwe, ndi 154. Meseji imodzi ya pafoni imanyamula 160, mukapitirira imadulidwa pawiri ndipo mulipira kawiri pa anthu 120. Chenjerani ndi w wa kachipewa, uja wa mu Malaŵi. Mukangoika ŵ mmodzi, malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70, meseji yomweyi ikhala zidutswa zitatu. Zithunzi zoseketsa zija nazonso zimachita chimodzimodzi. Lembani w wamba.

Ndalemba "sachitika pa 18" dala. "Alephereka" anthu amamva kuti zatheratu, mafoni ofunsa ndalama ayamba usiku womwe uno.

Mphatso wa ku Dedza: Za tchuthicho ndinaiwala. Koma WhatsApp siikwanira? Ingoponyani pa `New broadcast` basi, imatenga anthu mpaka 256.

Abiti Mdala: Chiwerengerocho mwalondola, koma uthenga wa njira imeneyo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Amene sanasunge nambala ya amayi a Jere salandira kanthu, ndipo foni siikuchenjezani, mumangoona kachizindikiro kamodzi kotuwa kosasintha. Onjezani aja alibe bando mpaka kumapeto kwa mwezi. Mutumize konse, pa WhatsApp ndi pameseji wamba. Mawa masana tengani mndandanda wa mayina 120, chongani amene ayankha, otsalawo muwagawane anthu anayi a komiti muwaimbire. Akatsala 40, aliyense mafoni 10, ntchito ya ola limodzi. Yambani ndi akutali.

Ngati ena mukuwatumizira paimelo, maadiresi alowe pa `Bcc`, osati pa `To`. Apo ayi aliyense aona adiresi ya mnzake, ndipo wokwiya mmodzi akadina `Reply all` mlandu wonse uzengedwera pamenepo.

Gondwe wa Malamulo: Langizo langa n'lakuti musavomere kulakwa kulikonse m'kalata. Chilichonse cholembedwa ndi umboni. Mukalemba kuti "talakwa", mawa wina abwera ndi malisiti a thiransipoti, malo ogona ndi chakudya, akuti munavomera nokha. Lembani kuti vuto ndi la loji, muitchule dzina, inu mutsale oyera.

Bambo Kamanga: Bambo Gondwe, pakusamala ndi malonjezo ndikugwirizana nanu, pakukankhira loji ayi. Anthuwa ndalama anapereka kukomiti, loji saidziwa. Amene analandira ndalama ndi amene amapepesa. Kupepesa n'kwina, kulonjeza kulipira chilichonse n'kwina, ndipo kalata ikhoza kulekanitsa ziwirizi poyera: izi tibweza, izi sitingathe. Komanso pa 8 Novembala mukubwerera kuloji yomweyo. Mukainyoza m'kalata, wowerenga afunsa kuti nanga mukutitengeranso komweko bwanji? Kalatayo idzafikanso kwa bwana wa pamalopo musanasainirane naye, pakuti pa anthu 120 sipalephera womudziwa.

Musanaloze chala, amayi a Jere, taonani lisiti la dipoziti. Palembedwa tsiku la maphunziro?

NaJere: Ndaliona. Pali tsiku limene tinalipira, 2 Seputembala, dzina la komiti, ndi mawu akuti dipoziti ya holo, K200,000. Pa 18 Okutobala sipakupezeka. Tsikulo lili pa kotesheni yokha imene anatipatsa poyamba, yopanda chidindo.

Bambo Kamanga: Mwaona? Kotesheni imangonena mtengo, siisunga tsiku. Aloji analakwa, koma komiti nayo inachoka ndi lisiti losatchula tsiku ndipo inakhala masabata pafupifupi asanu ndi limodzi osafunsanso. Kalata yonena kuti zonse ndi za loji ikhala yabodza pang'ono, ndipo asungichuma ndi anthu a malisiti, wina adzapempha kuliona.

Gondwe wa Malamulo: Chabwino, dzina la loji lisakhale pa chiganizo cha mlandu. Koma zovomera kuti komiti inalakwa, ine ndikadakanabe. "Sitinatsimikize" ndi mawu amene adzakubwererani.

Mayi Chirwa: Ndisanalowe za mawu, tiwerenge ndalama, chifukwa kalata ikuyenera kulonjeza zimene thumba lingakwanitse. Mwalandira 120 kuchulukitsa K25,000, ndiye K3,000,000. Zatuluka kale zingati?

NaJere: Holo K200,000, ophika K600,000 ya dipoziti, kusindikiza timabuku ndi masatifiketi K180,000.

Mayi Chirwa: Zatuluka K980,000, zatsala K2,020,000. Zikutanthauza kuti lero mungathe kubwezera anthu 80, osati onse. Anthu 30 akafuna zawo ndi K750,000, mubweza osavutika. Koma onani mbali inayo: mutsala ndi K1,270,000, ndipo mmenemo mukuyenera kumaliza holo, ophika ndi ophunzitsa. Msungichuma wanu akhale pansi usiku uno apeze kuti pakufunika anthu angati kuti maphunziro adzilipire okha. Nambala imeneyo ikhale ya komiti, siilowa m'kalata.

N'chifukwa chake kalata ipereke njira zitatu, osati ziwiri. Kubwera pa 8, kulandira ndalama, kapena kutumiza munthu wina wa kopaletivi yomweyo, monga wachiwiri kwa msungichuma kapena mlembi. Njira yachitatuyi imapulumutsa mipando yambiri, makamaka pamene inalipira ndi kopaletivi osati munthu.

Ophika aimbireni lero. Ngati anali asanagule nkhuku ndi ndiwo zamasamba, dipoziti ingosamuka. Mukafika Lachinayi akhala atagula, ndipo zimenezo mulipira. Masatifiketi nawo, asindikizidwa ndi tsiku?

NaJere: Eee, alembedwa 18 Okutobala onse 120.

Mayi Chirwa: Ndiye ikani pa mndandanda wa zimene aloji akuyenera kukuchotserani pa K200,000 yotsalayo. Imeneyo ndi kalata ya Che Saidi ija.

Che Saidi: Mwaona, ndinanena ine!

Bambo Kamanga: Nayi mmene ndingailembere, yotumiza pepala la kuloji likapezeka:

"MAPHUNZIRO A ASUNGICHUMA ASINTHA TSIKU: TSOPANO NDI LOWERUKA PA 8 NOVEMBALA

Amayi ndi abambo,

Maphunziro amene amayenera kuchitika Loweruka pa 18 Okutobala sachitika tsiku limenelo. Achitika Loweruka pa 8 Novembala, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, pamalo omwe aja. Ophunzitsa ndi mitu ya maphunziro sizinasinthe.

Lolemba pa 13 Okutobala tinauzidwa kuti holo yathu inapatsidwa kwa magulu awiri tsiku limodzi, ndipo gulu linalo ndi limene latsala nayo. Ifenso monga komiti tinayenera kutsimikiza tsikuli polemba, koma sitinatero. Takusokonezerani mapulani anu kutangotsala masiku asanu. Pepani kwambiri. Tsiku latsopanoli tili ndi kalata yake yachidindo.

Tikupempha musankhe chimodzi ndipo mutiyankhe pofika Lachisanu pa 24 Okutobala. Lembani dzina lanu, dzina la kopaletivi, ndi nambala 1, 2 kapena 3. Nambala 1 ndiye kuti mubwera pa 8 Novembala, simulipiranso kanthu. Nambala 2 ndiye kuti mutumiza wina m'malo mwanu, mutipatse dzina lake. Nambala 3 ndiye kuti mukufuna K25,000 yanu. Tibweza yonse pofika Lachisanu pa 31 Okutobala, panambala kapena paakaunti imene inalipira, pamodzi ndi yotapira.

Tikapanda kumva kwa inu pofika pa 24, tikusungirani mpando wanu pa 8 Novembala.

Sitidzakupemphani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena kuti mutumize ndalama kuti tikubwezereni. Wina akatero si ife.

Mafunso apite kwa mlembi panambala imene ili m'munsimu, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo."

Asaine ndi wapampando, dzina ndi udindo, osangoti "Komiti". Kupepesa kopanda mwini sikukhala pamtima. Tsiku lililonse polilemba koyamba ndaliika pamodzi ndi dzina lake, monga Loweruka kapena Lachisanu, chifukwa 8 ndi 18 zimafanana m'maso mwa munthu wothamanga. Musanatumize, munthu wina amene sanalembe nawo aiwerenge atagwira kalendala.

NaJere: Zikomo kwambiri bambo. Koma chiganizo choti ophunzitsa sanasinthe, sitinawafunse.

Bambo Kamanga: Ndiye chisalowe mpaka mutawafunsa. Ndi awiri kapena atatu, aimbireni musanapite n'komwe kuloji. Mmodzi akakhala kuti pa 8 alibe mpata, mukatenge tsiku lina ulendo umodzi womwewo.

Abiti Mdala: Kalatayo ili bwino, koma ndili ndi mawu pa "pamodzi ndi yotapira". Mwachita bwino kuiika, pakuti munthu amene analipira K25,000 akatapa kwa ejenti n'kulandira yoperewera amaona kuti mwamudula. Koma muwerengeretu, chifukwa kutumiza kuli ndi mtengo wake, kutapanso wake. Msungichuma aone mitengo ya lero kwa ejenti, achulukitse ndi anthu 30 aja. Ndipo kubweza panambala imene inalipira musakusinthe, ngakhale wina aimbe kuti foni ija inatayika. Pamene inalipira kopaletivi, ndalama ibwerere kukopaletivi, isapite m'thumba la munthu.

Mphatso wa ku Dedza: Ine chikundivuta ndi "tikapanda kumva kwa inu tikusungirani mpando". Osayankha ambiri ndi amene sanaone kalata. Muwerengera ophika anthu 110, abwera 80, mbale 30 mwalipira pachabe.

Mayi Chirwa: Mfundo yabwino. Koma njira inayo ndi yoipa kwambiri, kubwezera munthu ndalama asanapemphe, n'kudzafika pa 8 kupeza alibe mpando. Chiganizocho chikhale, koma pa 25 ndi 26 osayankha onse aimbiridwe. Ophika apatsidwe nambala yomaliza Lolemba pa 3 Novembala, osati poyambirira.

Mphatso wa ku Dedza: Komanso anthu anuwa ndi alimi. Novembala ndi mwezi wothamangira feteleza ndi mbewu, ndipo mvula yodzalira ikangogwa Lachinayi, Loweruka onse ali kumunda. Pa 8 mwina mupulumuka, koma aloji akati 22 kapena 29 musavomere. Kuli bwino holo ina pa 1 Novembala, ngakhale yaing'ono.

Bambo Kamanga: Apo Mphatso wanena zoona. Mukasintha ndi malo omwe, mutu wa kalata unene ziwiri zonse, tsiku ndi malo, ndipo mufotokoze potsikira minibasi.

Dikoni Mbewe: Ndibwerekeko mutu wanu pang'ono. Kwaya ya kumpingo kwathu yakumana ndi zofanana, holo yapita kwa aukwati, koma matikiti 300 tinagulitsa pamanja, opanda mayina kapena manambala. Kalata tingatumize kwa ndani?

Abiti Mdala: Kwanu kalata ikhala chilengezo, abambo. Chiwerengedwe m'mapemphero onse Lamulungu, chipite m'magulu a WhatsApp a mipingo imene munagulitsako, ndipo mapositala akale amatidwe kapepala ka tsiku latsopano pamwamba pa tsiku lakalelo. Chinene kuti tikiti yakale igwirabe ntchito, ndipo wofuna ndalama abwere ndi tikitiyo kwa amene anamugulitsa. Tikiti yobwezedwa ing'ambidwe pamaso pake, nambala yake ilembedwe, apo ayi idzalowanso pakhomo.

Ndipo ichi ndi cha nonse awiri, inu ndi amayi a Jere. Tsiku lakalelo munthu mmodzi wa komiti akaime pageti kuyambira 7 koloko mpaka 10, atanyamula makalata osindikiza ndi mndandanda. Mutumize bwanji, wina afika basi. Akapeza galimoto zamaluwa ndi mlonda wosadziwa kanthu, nkhani imene akafotokoze kwawo si ya holo ayi.

NaJere: Nanga wofika choncho, thiransipoti yake? Ndi aja analipiriratu pogona Lachisanu?

Gondwe wa Malamulo: Musalembe chilichonse za thiransipoti. Mukangotsegula khomo limenelo alowa onse, ndipo minibasi siipereka lisiti. Mudzatsimikiza bwanji?

Mayi Chirwa: Kusalemba sikuletsa anthu kufunsa, bambo Gondwe, kumangochititsa kuti olimba pakamwa alandire, aulemu akhale chete. Ambiri pa minibasi amalipira tsiku lomwelo, ndiye akaletsedwa lero sataya kanthu. Otaya ndi ochepa, amene analipiriratu chipinda kapena tikiti ya basi yaikulu, ndipo amenewo malisiti ali nawo. Ine ndikanawonjezera kuti: "Ngati munalipiriratu malo ogona kapena tikiti ya basi lisanafike tsiku la 13 Okutobala ndipo akana kukubwezerani, titumizireni chithunzi cha lisiti pofika pa 24, komiti iona chimene ingathe." Malire alipo atatu, tsiku, lisiti, ndi kuti ayambe apempha komwe analipirako.

Bambo Kamanga: "Iona chimene ingathe" ndi mawu a m'kalata yoyamba aja, angovala malaya ena. Komiti igwirizane ndalama yake, kaya ndi K10,000 pa munthu, ilembe nambalayo. Ngati palibe, ilembe kuti sitingathe, pepani.

Mayi Chirwa: Mukalemba K10,000, malisiti onse abwera a K10,000.

Bambo Kamanga: Mukapanda kulemba, abwera a K40,000.

Gondwe wa Malamulo: N'chifukwa chake ndikuti chisalembedwe.

NaJere: Za thiransipotizi ndikazitula kukomiti madzulo ano, asankhe okha pa zitatuzo. Meseji yoletsa yapita kwa onse 120, ayankha kale 37. Mmodzi wa ku Salima akufunsa ngati ukwatiwo tingalowe nawo, poti chitenje anasoketsa kale. Ophika akuti nkhuku anali asanagule. Wophunzitsa mmodzi foni yake siikupezeka, ndiye chiganizo cha ophunzitsa ndachichotsa kaye. Kuloji tipita mawa 8 koloko ndi wapampando.

Abiti Mdala: Mutenge kotesheni ndi lisiti zonse ziwiri, ndipo lisiti latsopano alembepo 8 Novembala inu mukuona.